Buku la masitazi likabwera ndi zokonza: zazikulu n'ziti, zazing'ono n'ziti?

Nthawi zambiri munthu satenga digiri yachiwiri, imene ambiri amangoti masitazi, chifukwa cha mayeso a m'kalasi okha. Amachitanso kafukufuku wake n'kulemba buku lofotokoza zimene wapeza. Bukulo limapita kwa oyesa, kawirikawiri awiri: wina wa pa yunivesite pomwepo, wina wochokera kwina. Motero buku la wophunzira wa ku Bunda likhoza kukawerengedwa ku Zomba, ku Mzuzu kapena kunja kwa dziko. M'mapologalamu ambiri pamakhalanso tsiku la vaiva, pamene wophunzira amaima pamaso pa oyesa n'kuyankha mafunso pa zimene analemba.

Mabuku ochepa kwambiri amadutsa osauzidwa zokonza. Ambiri amabwerera kwa mwiniwake ndi mndandanda wogawidwa pawiri: zokonza zazikulu ndi zokonza zazing'ono. Kagawidwe kameneka n'kamene kamanena ngati munthu amaliza m'masabata ochepa kapena akhalanso miyezi ingapo pa bukulo, ndipo mwina n'kuphonya mwambo wolandira madigiri wa chaka chimenecho. Yunivesite iliyonse ili ndi malamulo ake pa nthawiyi, koma kulikonse zazikulu zimapatsidwa nthawi yotalikirapo ndipo zimaunikidwanso mozama. Nanga woyesa amadziwa bwanji kuti cholakwika ichi chipite mbali iti?

Funso limodzi lokha

Anthu ambiri, ngakhale oyesa amene angoyamba kumene ntchitoyi, amayesa kukula kwa cholakwika poona kuchuluka kwake kapena thukuta limene lingafunike pochikonza. Muyeso woyenera si umenewo. Woyesa amadzifunsa kuti: ichi chikakonzedwa, kodi yankho la kafukufukuyu likhoza kusintha? Ngati likhoza kusintha, cholakwikacho n'chachikulu, ngakhale kuchikonza kutatenga ola limodzi. Ngati yankho likhala momwemo, kungoti buku liwerengeka bwino, n'chaching'ono, ngakhale chitapezeka pa tsamba lililonse.

Tiyerekeze ndi buku longopeka. Wophunzira wa zachuma cha ulimi wafufuza ngati feteleza wotsika mtengo wa pologalamu ya AIP anakweza zokolola za chimanga. Wafunsa mabanja 120 m'dera limodzi la zaulimi ku Dedza: 60 amene anagula fetelezayo ndi 60 amene sanagule. Mu tebulo 4.5 waonetsa kuti ogula anakolola matumba 18 a makilogalamu 50 pa banja, tikatenga avereji, pamene osagula anakolola matumba 12. Pomaliza walemba kuti pologalamuyi yakweza zokolola za alimi ang'onoang'ono m'Malawi ndi matumba 50 pa matumba 100 alionse.

Woyesa wodekha amabwerera m'mbuyo kukaona tebulo 4.1, imene ikufotokoza mabanjawo. Akupeza kuti ogula feteleza ali ndi minda ya maekala atatu pa avereji, osagula ali ndi maekala awiri. Matumba 18 pa maekala atatu ndi matumba 6 pa ekala. Matumba 12 pa maekala awiri ndi matumba 6 omwewonso pa ekala. Kusiyana konse kumene bukulo likunyadira kukhoza kukhala kwa kukula kwa minda, osati kwa feteleza. Kuwerengetsanso zokolola za banja lililonse pa ekala ndi ntchito ya masana amodzi pa kompyuta, koma ichi ndicho chokonza chachikulu kuposa zonse, chifukwa mutu wachinayi, mutu wachisanu ndi chidule cha buku zonse zatsamira pamenepo.

M'buku lomweli muli mawu olembedwa molakwika mwina makumi anayi, matebulo awiri okhala ndi nambala imodzi, ndi mabuku asanu ndi awiri otchulidwa m'kati koma osapezeka pa mndandanda wakumapeto. Kukonza zimenezi kungadye sabata yathunthu. Zonsezi n'zazing'ono, pakuti palibe chimene chikukhudza funso la feteleza ndi chimanga.

Kalembedwe ka mfundo imodzi

Kudziwa kuti cholakwika n'chachikulu ndi theka chabe la ntchito. Woyesa akangolemba kuti "kasanthulidwe ka manambala n'kofooka, akonze", wophunzira amasowa poyambira. Supavaiza wake amayamba kulosera zimene woyesa amatanthauza, ndipo buku likabwerera palibe amene anganene motsimikiza kuti zakonzedwa kapena ayi. Mfundo yolembedwa bwino imanena zinthu zinayi: malo pamene pali vuto, vutolo, chifukwa chake lili vuto, ndi chimene wophunzira achite. Ya chitsanzo chathu ingalembedwe motere:

"Chokonza chachikulu 1. Tebulo 4.5, tsamba 52. Zokolola zayerekezedwa pa banja, pamene tebulo 4.1 ikuonetsa kuti minda ya magulu awiriwa ndi yosiyana kukula. Motero sitingadziwe ngati kusiyanako kwabwera chifukwa cha feteleza. Wophunzira awerengetsenso zokolola pa ekala kapena pa hekitala, ayesenso ngati magulu awiriwa akusiyanadi, ndipo alembenso ndime 4.4, mutu wachisanu ndi chidule mogwirizana ndi zimene apeze."

Woyesa sanalamule yankho. Sananene kuti wophunzira alembe zoti feteleza sanathandize. Mwina akawerengetsa banja ndi banja, kusiyana kochepa kuonekabe. Mwinanso sikuoneka, ndipo buku lonena moona mtima kuti silinapeze kusiyana likhoza kupambana ndithu. Chofunika n'chakuti njira ikhale yolondola.

Chachikulu chachiwiri m'buku lomweli ndi mawu omaliza amene apitirira umboni. Mabanja 120 a dera limodzi ku Dedza, m'nyengo imodzi ya mvula, sangayankhulire alimi a ku Nsanje kapena ku Karonga, kumene nthaka ndi mvula n'zosiyana. Apa sipafunika masamu atsopano, koma zimene bukulo likunena zisintha, choncho mfundoyi ikukhala m'gulu la zazikulu. Chachitatu chingakhale cholinga chimene chinalonjezedwa m'mutu woyamba, monga kuona ngati mabanja otsogozedwa ndi amayi anapindula mofanana, koma sichinayankhidwe paliponse. Wophunzira achiyankhe ndi manambala amene ali nawo, kapena achichotse n'kufotokoza chifukwa.

Zazikulu zimaikidwa poyamba, motsatira kulemera kwake, ndipo sizichuluka. Zikafika khumi kapena kupitirira, woyesa adzifunse ngati bukulo likungofunika kukonza kapena likufunika kulembedwanso n'kuyesedwa kachiwiri. Zazing'ono zimatsatira dongosolo la masamba, kuti wokonza azingotsika nazo. Zobwerezabwereza sizilembedwa chimodzichimodzi. Woyesa amangoti: "Miyeso ya minda yasakanikirana, pena maekala, pena mahekitala, monga pa tsamba 31, 44 ndi 52. Asankhe umodzi m'buku lonse, podziwa kuti hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi 2.47."

Zimene zimakhala pamalire

Pali zolakwika zimene woyesa sangazigawe asanafunse. Bukulo likuti mabanja anali 120, koma tebulo 4.3 ukaiphatikiza ikukwana 118. Ngati chala chinangoterera polemba, n'chaching'ono. Ngati mabanja awiri anachotsedwa chifukwa anakolola zambiri kapena zochepa modabwitsa, ndipo bukulo silinanene, pamenepo avereji yakhudzidwa ndipo nkhani yakula. Vaiva imathandiza pa zotere: woyesa amafunsa, wophunzira amayankha, mfundo n'kupeza malo ake. Kumene kulibe vaiva, woyesa amalemba njira zonse ziwiri: afotokoze kusiyanako, ndipo ngati mabanja anachotsedwa, anene chifukwa n'kuonetsa zotsatira ali momwemo komanso atachotsedwa.

N'chimodzimodzi ndi kalata ya chilolezo. Kafukufuku wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu ndi chitetezo cha ofunsidwa asanayambe. Ngati kalatayo ilipo koma sinaikidwe kumapeto kwa buku, kuiika ndi ntchito ya mphindi zochepa. Ngati chilolezo sichinapemphedwe n'komwe, imeneyo si nkhani ya mndandanda wa zokonza, woyesa amaipereka kwa akuluakulu a yunivesite. Kuiwala kutchula buku limodzi n'kwakung'ono, koma ndime zathunthu zokopedwa kwa munthu wina popanda kumutchula zili ndi malamulo akeake.

Malire a woyesa

Woyesa nayenso ali ndi pamene ayenera kulekezera. Vuto lofala ndi kufuna kuti wophunzira alembe buku limene woyesayo akanalemba. Katswiri wa za nthaka angalakalake kuti nthaka ya munda uliwonse ikanayezedwa. Maganizo ndi abwino, koma chimanga chinakololedwa kale ndipo ndalama za kafukufuku zinatha. Chokonza chiyenera kukhala chotheka ndi zimene wophunzira anasonkhanitsa, m'nthawi imene malamulo akupereka. Pa za nthaka, chimene woyesa angalamule n'chakuti bukulo livomereze poyera kuti silinayeze chonde, ndipo linene mmene zimenezi zikuchepetsera mphamvu ya zotsatira. Ngati woyesa akuona kuti popanda kubwerera kumudzi bukulo silingaime, anene zimenezo pa chigamulo chake, asazibise pakati pa zokonza.

N'chifukwa chake mndandanda wabwino umakhala ndi kagawo kachitatu ka malangizo osakakamiza, monga buku lina loti awerenge kapena maganizo othandiza akadzafuna kusindikiza kafukufukuyo. Mawu ake amasiyana. Pa zokakamiza amati "achite", pa malangizo amati "angaganizire". Zikasakanikirana, wophunzira wamantha amataya mwezi pa chinthu chimene sanalamulidwe, pamene wina amadumpha chimene chinali chofunikadi. Ngati oyesa awiri atsutsana, wina akuti mutu wachiwiri ufupikitsidwe, wina akuti uwonjezedwe, wapampando wa komiti yoyesa awagwirizanitse kaye kuti wophunzira alandire mndandanda umodzi wopanda mfundo zolimbana.

Kutsimikiza kuti zakonzedwa

Mfundo iliyonse imapatsidwa nambala chifukwa wophunzira amabweza buku pamodzi ndi tebulo ya mayankho. Mzere uliwonse umakhala ndi mawu a woyesa, zimene wachita, ndi tsamba latsopano pamene zikupezeka. Amaloledwanso kukana mfundo mwaulemu, bola apereke chifukwa chomveka. M'mayunivesite ambiri zazing'ono zimatsimikizidwa ndi supavaiza kapena woyesa wa pomwepo, pamene zazikulu zikhoza kubwerera kwa oyesa onse.

Wotsimikiza samangoona tsamba lotchulidwa. M'chitsanzo chathu, akaona kuti tebulo 4.5 tsopano ili pa ekala, amatsegula chidule ndi mutu womaliza. Kawirikawiri mpamene pamagwidwa ntchito yachiphamaso: tebulo yasintha, koma chidule chikunenabe za matumba 50 pa 100 aja. Mfundo yatsopano siwonjezedwa pa nthawi imeneyi, pokhapokha kukonzako kutabweretsa cholakwika china. Choncho woyesa asanatumize mndandanda wake, auwerengenso mfundo ndi mfundo, akudzifunsa ngati munthu amene sanakhalepo pa vaiva angathe kutsegula bukulo n'kunena kuti ichi chachitika kapena sichinachitike. Mfundo imene singayankhidwe choncho ailembenso.