Khanda likafatsa kwambiri, onani pakhadi

Mayi akamatuluka m'chikuta ku Kanyenda, alangizi amakhala ambiri: agogo, apongozi, ngakhale anzake a pafoni. Khadi la malangizo a chisamaliro cha khanda limangonena zinayi: mchombo, kufunda, kuyamwitsa ndi zizindikiro zoopsa. Zinayizi n'zolumikizana.

Yambani ndi mchombo. Ndi bala, ndipo tizilombo tikalowa pamenepo timafika m'magazi. Choncho osapakapo phulusa, mwaye, mafuta kapena malovu. Ngati kuchipatala akupatsani kolohekisidini, pakani yekhayo monga anenera anamwino, mutasamba m'manja ndi sopo. Thewera likhale m'munsi mwa mchombo kuti uziuma. Nthawi zambiri umagwa wokha pakati pa masiku 5 ndi 15. Kuukoka ayi.

Nkhani ya kufunda ndiyo imapusitsa anthu a kunyanja. Mumva wina akuti, “Kuno ku Nkhotakota kotenthaku mwana angazizidwe bwanji?” Amazizidwa ndithu, makamaka mwera ukamawomba mu Juni ndi Julaye. Khanda lili ndi mafuta ochepa m'thupi, ndipo limataya kutentha msanga likanyowa kapena mutu ukakhala pamtunda. N'chifukwa chake lisasambitsidwe mpaka patapita maola 24 chibadwireni. Livekeni chipewa, ligone pachifuwa cha mayi khungu kukhudza khungu. Chifuwa cha bambo nachonso chimagwira ntchito, musathawe.

Tiyerekeze khanda la masiku anayi. Dzulo limayamwa kasanu ndi katatu kapena kuposa, usana ndi usiku, monga ziyenera kukhalira. Lero layamwa kawiri, likungogona, sililira. Apongozi akuti ndi mwana wofatsa. Apa m'pamene khadi limatsutsana ndi apongozi, ndipo ine ndili mbali ya khadi.

Gwirani mimba ndi mapazi ake. Ngati zonse zazizira, si nyengo chabe: kwa khanda matenda a m'magazi amatha kubwera ndi kuzizira, osati kutentha thupi kokha. Onani mchombo ngati khungu lozungulira lafiira, ukutuluka mafinya kapena ukununkha. Kenako tengani foni ija, tchererani mphindi imodzi yathunthu, muwerenge kukwera kwa mimba mwana ali phee. Mukafika 60 kapena kupitirira, bwerezani. Zikabwera chimodzimodzi, akupuma mothamanga.

Chizindikiro chimodzi chokha n'chokwanira kunyamuka: kukana bere, kukomoka, chifuwa kulowa m'kati kwambiri popuma, kutentha kapena kuzizira thupi, kulefuka, kapena chikasu m'manja ndi kumapazi. Osadikira kuti kuche, osayamba mwam'mwetsa madzi kapena mankhwala azitsamba. Pitani kuchipatala chapafupi; zikafunika, iwo akutumizani kuchipatala chachikulu cha boma ku Nkhotakota.

Paulendo, kaya ndi pakabaza, mwana akhale pachifuwa m'kati mwa zovala, chipewa kumutu. Ngati akutha kuyamwa, aziyamwa m'njira momwemo. Buku la kuchipatala musaliiwale.