Kanema akamadziyatsa yekha

Ambirife tinaziwonapo m'chipinda chochezera kapena muholo: kanema yemwe anali wozimitsa wayaka popanda womukhudza, kapena mawu a nyimbo ochokera pa laputopu asowa mwadzidzidzi n'kubwera nkhani za pa dikoda. Ena amafulumira kunena kuti kanemayo wafa. Nthawi zambiri amakhala ali bwinobwino, wangomvera lamulo lochokera ku chipangizo china.

Pulagi ya chingwe cha HDMI ili ndi timano 19. Dzino la nambala 13 silinyamula chithunzi kapena mawu, ntchito yake n'kudutsitsa malamulo pakati pa zipangizo, ndipo njira imeneyi ndi yomwe imatchedwa CEC. Wayayu ndi mmodzi kwa zipangizo zonse zolumikizidwa ku kanema, choncho chimodzi chikayankhula zonse zimamva. Chipangizo chikadzuka chimauza kanema kuti ayake, kenako chimalengeza kuti tsopano chowonetsa ndi icho. Kanemayo safunsa ngati tili pakati pa mapemphero otsegulira Sabata.

Tiyerekeze kuti laputopu ili pa HDMI 1 ndipo dikoda ili pa HDMI 2. Magetsi aphethira pang'ono. Laputopu siizima poti ili ndi batire, koma dikoda iyambiranso, ndipo ikamaliza kudzuka itumiza lamulo lija. Kanema alumphira pa HDMI 2. Laputopu siingamubweze chifukwa malaputopu ambiri alibe CEC. Kuti titsimikize wolakwa, tiwone komwe kanema wathawira, tizule chingwe cha pamenepo kwa tsiku limodzi kapena awiri. Vuto likatha, tamupeza. Likapitirira zingwe zonse zili zozula, si CEC ayi. Tiyang'ane ngati wina sanatchere nthawi yoyatsira kanemayo.

Chosokoneza n'chakuti makampani ambiri anaipatsa CEC mayina awoawo. Pa Samsung tifufuze Anynet+, pa LG ndi SIMPLINK, pa Sony ndi BRAVIA Sync, pa Panasonic ndi VIERA Link, pa Philips ndi EasyLink. Pa makanema ambiri a Samsung timadutsa Settings, General, External Device Manager, n'kuzimitsa Anynet+.

Komabe ife tikuwona kuti kuzimitsa pa kanema kukhale komalizira. Tikatero rimoti imodzi imaleka kulamula zipangizo zonse, ndipo sipika yolumikizidwa pa HDMI ARC nthawi zambiri imangoti zii, popeza ARC imadalira CEC kuti iyambe kugwira ntchito. Ndi bwino kutseka pakamwa chipangizo chovutacho chokha, polowa m'makonzedwe ake n'kuzimitsa pomwe palembedwa HDMI-CEC. Chikakhala kuti chilibe pozimitsira, pali kapulagi kakang'ono komwe kamaikidwa pakati pa chingwe ndi kanema, kopanda dzino la 13 lija. Chithunzi ndi mawu zimadutsa, malamulo amatsalira. Kapulagika sitikaika pa chingwe cha sipika, koma pa cha dikoda basi.