Kalata yochenjeza za chikuku ikafika pachipatala

Ofesi ya zaumoyo ya m'boma ikamva kuti ana angapo atuluka totupa m'dera limodzi, imatumiza kalata ku zipatala zonse, za boma, za mishoni ndi za anthu omwe. Kalatayi imakhala yaifupi, nthawi zambiri tsamba limodzi, ndipo masiku ano imayamba kufika pafoni pepala lisanafike. Imanena zinthu ziwiri: wodwala woyenera kuganiziridwa kuti ali ndi chikuku ndi wotani, komanso choti achipatala achite tsiku lomwelo. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kalatayi siyembekezera zotsatira za magazi. Imalamula kuti ntchito iyambe pamene nthendayo ikungoganiziridwa.

Chifukwa chake n'chakuti chikuku chimathamanga kuposa galimoto yopita ndi magazi ku Lilongwe. Kachilombo kake kamayenda mumpweya, ndipo kamatha kukhalabe m'chipinda mpaka maola awiri wodwala atatulukamo. Mwa anthu 10 opanda chitetezo amene akhala pafupi ndi wodwala, pafupifupi 9 amachitenga. Munthu amayamba kupatsira anzake masiku 4 totupa tisanaoneke, n'kupitiriza mpaka masiku 4 titatuluka. Amalawi anaziona mu 2010, pamene anthu pafupifupi 134,000 anadwala chikuku ndipo oposa 300 anamwalira.

Malongosoledwe a wodwala amene zipatala za mu Afirika zimatsatira, mogwirizana ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse, ali ndi mbali zitatu. Munthuyo akhale watentha thupi. Akhale ndi totupa thupi lonse, topanda madzi mkati. Ndipo akhale ndi chimodzi mwa izi: chifuwa, chimfine kapena maso ofiira. Palinso mwayi wina: dokotala akangomukayikira kuti n'chikuku, ameneyonso amawerengedwa. Kalatayi imati “munthu aliyense”, osati “mwana”, popeza mu 2010 achinyamata ndi akuluakulu ambiri anagona nacho.

Mawu oti “topanda madzi” ndi amene amasiyanitsa chikuku ndi katsabola, yemwe matuza ake amakhala ndi madzi. Totupa ta chikuku timayambira kumaso ndi kuseri kwa makutu, kenako timatsikira pachifuwa, pamimba mpaka kumiyendo m'masiku atatu kapena kuposerapo pang'ono. Pakhungu lakuda kufiira kwake sikuoneka bwino, choncho namwino wozolowera amamutengera mwana powala n'kumusisita pamsana ndi chikhatho, kuti amve kukhakhala kwa khungu. Amamuyasamulitsanso, poti nthawi zina mkati mwa masaya mumakhala timadontho toyera timene timaoneka totupa tisanatuluke.

Malongosoledwewa ndi otakata mwadala. Amakola ngakhale odwala rubela, nthenda yofanana kwambiri ndi chikuku imene maso okha sangaisiyanitse. Kulemba ana asanu n'kupeza kuti awiri analibe chikuku kumangotayitsa mafomu ndi timabotolo. Kuphonya mmodzi amene anali nacho kumadwalitsa onse amene anakhala naye pamzere.

Tiyerekeze kuti pa 11 Juni mayi wafika pachipatala chaching'ono ndi mwana wa miyezi 14. Watentha thupi kwa masiku anayi, akutsokomola, maso ali psuu, ndipo totupa tinayamba pa 10 Juni. Choyamba n'kumuchotsa pabenchi. Asadikire pakati pa makanda amene abwera kusikelo. Aonedwe msanga m'chipinda chapadera chotsekula mawindo, kapena panja pamthunzi. N'chifukwa chake kalata yabwino imauza chipatala kuti chiike munthu pakhomo wofunsa aliyense za totupa asanakhale pansi. Chipatala chimene chanyalanyaza zimenezi chimasanduka malo ogawirapo nthendayo.

Chachiwiri ndi chithandizo. Mankhwala opha kachilombo ka chikuku kulibe, koma vitamini A amachepetsa imfa ndi khungu. Mwana wathuyu, poti wapitirira chaka, alandira mayunitsi 200,000, kapisozi wofiira uja, lero ndi mawa. Wa miyezi 6 mpaka 11 amalandira 100,000, kapisozi wabuluu, ndipo wosakwana miyezi 6 amalandira 50,000. Amapatsidwa ngakhale atakhala kuti analandira posachedwapa kusikelo. Kenako namwino amafufuza zimene zimapha ana a chikuku: kupuma mothamanga kapena kulowa kwa nthiti kosonyeza chibayo, kutsekula m'mimba, kunyentchera, zilonda zozama m'kamwa, diso lochita mtambo, kukomoka ndi kukana kuyamwa. Mwana wa zizindikiro zoopsa amatumizidwa kuchipatala chachikulu, ndipo akumeneko amauzidwiratu kuti akonze pomugoneka payekha. Akakhala bwino amabwerera kunyumba, mayi atauzidwa kuti asapite naye kutchalitchi, kumsika kapena kumaliro mpaka pa 14 Juni patadutsa, azimuyamwitsa ndi kumumwetsa pafupipafupi, ndipo asamuthire chilichonse m'maso chimene sichinachokere kuchipatala.

Chachitatu ndi lipoti ndi magazi. Uthenga uyenera kufika kuboma pasanathe maola 24, pafoni, fomu izitsatira pambuyo. Pafomupo pali zinthu zosayenera kusiyidwa: zaka za wodwala, mudzi wake, tsiku limene totupa tinayamba ndi tsiku limene analandira katemera womaliza, lotengedwa m'buku lake la kusikelo. Magazi amatengedwa tsiku lomwelo, madzi ake n'kupatulidwa, n'kusungidwa pozizira madigiri 2 mpaka 8 kufikira atafika kulabotale. Pali msampha umodzi apa. M'masiku atatu oyambirira totupa titatuluka, thupi limatha kukhala lisanapange asilikali okwanira kuoneka poyeza, moti zotsatira zikhoza kunena kuti mulibe chikuku pamene chilimo. Mwana wathu watengedwa magazi tsiku lachiwiri, ndiye zotsatira zoterozo siziyenera kugonetsa anthu tulo.

Tsiku lija la 10 Juni ndi limene mlangizi wa zaumoyo amagwiritsa ntchito akapita kumudzi. Akawerenga chobwerera masiku 7 mpaka 21, amapeza kuti mwanayo anatenga nthendayi pakati pa 20 Meyi ndi 3 Juni, ndipo amafunsa kumene anapita nthawi imeneyo ndi amene ankadwala. Akawerenga masiku 4 uku ndi uku, amadziwa kuti onse amene anakhala naye kuyambira pa 6 mpaka pa 14 Juni ali pachiopsezo. Amawalemba mayina, amaona mabuku awo, ndipo osabayitsa amabayidwa mwachangu, poti katemera woperekedwa pasanathe maola 72 munthu atakumana ndi wodwala amatha kuletsa nthendayo kapena kuifewetsa. Onsewa amayang'aniridwa kwa masiku 21. M'Malawi mwana amayenera kubayidwa kawiri, pa miyezi 9 ndi pa miyezi 15, ndipo jekeseni yachiwiriyi ndi imene makolo ambiri amaiwala mwana akayamba kuyenda.

Nanga mliri umatchedwa mliri liti? Anthu 5 kapena kuposerapo oganiziridwa m'mwezi umodzi, pachipatala chimodzi kapena m'boma limodzi, ndiye kuti mliri ukuganiziridwa, ndipo apa ndi pamene kalata ija imalembedwa. Atatu mwa iwo akapezeka nacho m'magazi, mliri watsimikizika. Zikatero achipatala amaleka kutenga magazi kwa wodwala aliyense wa m'deralo. Amangolemba odwala atsopano pamndandanda, mzere umodzi munthu mmodzi, n'kumautumiza kuboma. Mndandandawo ndi umene umaonetsa midzi ndi misinkhu imene yakhudzidwa kwambiri, ndipo akuluakulu amauona posankha koyambira katemera wa onse. Chipatala chimene sichinaone wodwala chimatumizabe lipoti lonena kuti palibe, chifukwa chikangokhala chete, akuboma sangadziwe ngati kulidi bata kapena palibe amene akufufuza.