Katundu wotsala pang'ono kuonongeka akhale kutsogolo

Mu golosale, katundu amaonongekera kumbuyo kwa shelefu. Mwaoda mkaka wa ufa watsopano, mwausanja kutsogolo poti mpamene dzanja lafika, ndiye wakale uja watsekerezedwa mpaka tsiku lake ladutsa. Musanasanje, werengani tsiku lothera ntchito pa paketi iliyonse, chifukwa nthawi zina katundu wobwera lero ndi amene watsala pang'ono kuonongeka. Wa tsiku lapafupi akhale kutsogolo.

Kuoda nakonso kumafuna masamu. Tiyerekeze kuti mumagulitsa mapaketi 5 pa sabata, ndipo ku holoselo akukutsitsirani mtengo wa katoni ya mapaketi 48 otsala ndi masabata 6. Mugulitsa 30 basi. Otsala 18 aja ndi ndalama yotaya, ndipo kutsitsa mtengo kuja sikungawabweze. Katoni yotere isiyeni.

Za kuba, kope ndilo limaulula. Lembani zimene zinalipo, onjezani zooda, chotsani zogulitsa ndi zimene mwatengera kunyumba. Kope likati mabotolo a mafuta ophikira atsala 20 koma pa shelefu pali 17, fufuzani tsiku lomwelo. Katundu wodula muziwerenga madzulo aliwonse musanatseke.