Malisiti ndi ambiri, nanga makasitomala ndi angati?

Mvula yoyamba ikagwa, sitolo yogulitsa mbewu ndi feteleza siipuma. Uyu akufuna thumba la feteleza wokulitsa, uyu chimanga cha makilogalamu awiri, wina wabwereranso masana chifukwa m'mawa ndalama zinaperewera. Tiyerekeze kuti wogulitsa pasitolo yotere amalemba aliyense wogula mu Excel: tsiku, dzina, katundu ndi ndalama. Nyengo ikatha, mwini sitolo amafunsa funso looneka ngati lophweka: "Kodi chaka chino tagulitsa kwa anthu angati?"

Wogulitsa amatsetserekera pansi pa mndandanda, n'kuona kuti wathera pa mzere wa 3,000, n'kuyankha kuti anthu 3,000. Koma amenewo ndi malisiti, si anthu. Mlimi amene anabwera kanayi walembedwa kanayi. Ndiye pali mizere ina imene kabokosi ka dzina kanasiyidwa kopanda kanthu, chifukwa tsikulo anthu anali piringupiringu ndipo panalibe mpata wofunsa dzina. Timabokosi topanda kanthu timeneti ndi timene timagwetsa mafomula ambiri, ndipo nthawi zina timawagwetsa mwakachetechete.

Kuti nkhaniyi imveke, tiufupikitse mndandandawo ukhale wa mizere 12, kuyambira pa kabokosi ka B2 kukafika pa B13. Kuchokera pamwamba, mayina ali motere: Banda, Phiri, Banda, kopanda kanthu, Mwale, Phiri, Banda, kopanda kanthu, Tembo, Banda, kopanda kanthu, Mwale. Ndi maso okha tikutha kuona kuti a Banda agula kanayi, a Phiri kawiri, a Mwale kawiri, a Tembo kamodzi, ndipo timabokosi titatu tilibe dzina. Makasitomala odziwika ndi anayi. Fomula iliyonse imene tiyese iyenera kutipatsa 4, apo ayi ndiye kuti yanama.

Ambiri amayamba ndi COUNTA, yomwe imawerenga timabokosi tonse tolembedwa kanthu. Pamndandanda wathuwu ipereka 9. Yadumpha topanda kanthu tija, koma a Banda yawawerenga ngati anthu anayi.

Njira yakale imene anthu ozolowera Excel akhala akupatsirana kwa zaka zambiri ndi iyi:

```
=SUMPRODUCT(1/COUNTIF(B2:B13,B2:B13))
```

Ikuoneka ngati matsenga, koma nzeru yake ndi ya chigumu. Kasitomala aliyense tampatsa chigumu chimodzi, ndipo achidule mofanana malinga ndi malisiti amene ali nawo. COUNTIF imayenda mzere uliwonse n'kufunsa kuti dzina ili likupezeka kangati pamndandanda wonse. Pa mzere uliwonse wa a Banda yankho ndi 4, choncho mzerewo ukulandira gawo limodzi mwa magawo anayi. Zidutswa zinayizo zikaphatikizidwa, chigumu chija chabwerera chathunthu. A Phiri ali ndi matheka awiri, nachonso chimodzi. A Mwale chimodzimodzi. A Tembo sanadule n'komwe. SUMPRODUCT ikasonkhanitsa zidutswa zonse, chiwerengero cha zigumu ndicho chiwerengero cha anthu. Munthu agule kamodzi kapena ka 50, chigumu chake ndi chimodzi basi.

Koma mukalemba fomulayi pamndandanda wathu, simuona 4. Muona `#DIV/0!`. Chimene chachitika ndi ichi: COUNTIF ikauzidwa kuti ifunefune zofanana ndi kabokosi kopanda kanthu, imatenga kabokosiko ngati nambala 0, n'kuyamba kusaka 0 pakati pa mayina. Siimupeza, ndiye imayankha kuti akupezeka ka 0. Tsopano fomula ikufuna kugawa 1 ndi 0, chinthu chimene masamu amakana. Kabokosi kamodzi kokha kopanda kanthu n'kokwanira kuononga yankho la mizere 3,000.

Mankhwala ake ndi zigamba ziwiri:

```
=SUMPRODUCT((B2:B13<>"")/COUNTIF(B2:B13,B2:B13&""))
```

Chigamba cha kumapeto, `&""`, chimachititsa kuti COUNTIF ileke kusaka 0 n'kuyamba kusaka timabokosi topanda kanthu tenitenito. Imatipeza titatu, ndipo kugawa ndi 3 kulibe mlandu. Koma tikanalekera pomwepo, timabokosi titatuto tikanagawana chigumu chawochawo, yankho n'kukhala 5, ngati kuti pali kasitomala wachisanu dzina lake Palibe. Apa ndi pamene chigamba cha kumayambiriro chimagwira ntchito. M'malo mwa 1 uja taikapo funso lakuti `B2:B13<>""`, kutanthauza kuti, kodi m'kabokosi aka muli kanthu? Ngati muli dzina, funsoli limasanduka 1, ndipo zonse zimayenda monga kale. Ngati mulibe, limasanduka 0, ndipo 0 kumugawa ndi 3 amakhalabe 0. Banda, Phiri, Mwale, Tembo: yankho ndi 4. Ngati Excel yanu ikukana fomulayi mutailemba bwinobwino, yesani kuika `;` pamalo pa `,` chifukwa makompyuta ena anatcheredwa motero.

Fomula imeneyi ubwino wake ndi wakuti imagwira ntchito ngakhale pa Excel yakale imene ili m'maofesi ambiri. Kuipa kwake kumaonekera mndandanda ukatalika. Dzina lililonse limayerekezeredwa ndi mayina onse, choncho mizere 3,000 ikutanthauza kuyerekezera ka 9 miliyoni, zomwe kompyuta imatha mosadandaula kwenikweni. Koma mizere ikafika 20,000, kuyerekezerako kumafika pa 400 miliyoni, ndipo mukangosintha dzina limodzi ntchito yonseyo imayambiranso. Laputopu imatentha, Excel n'kuuma gwa. Ndipo musayerekeze kulemba `B:B` pofuna kuti fomula itenge mzere wonse wotsika, chifukwa tsamba limodzi la Excel lili ndi mizere 1,048,576.

Amene ali ndi Excel 2021 kapena Microsoft 365 ali ndi njira yachidule komanso yopepuka:

```
=ROWS(UNIQUE(FILTER(B2:B3001,B2:B3001<>"")))
```

Iwerengeni kuchokera m'kati. FILTER imapeta mndandanda, n'kutaya timabokosi topanda kanthu. UNIQUE imasiya dzina lililonse kamodzi kokha. ROWS imawerenga mizere yotsalayo. Pali amene amadumpha FILTER n'kungolemba `=COUNTA(UNIQUE(B2:B13))`, ndipo kwa ine kulakwitsa kumeneku n'koopsa kuposa `#DIV/0!` uja. Palibe chenjezo lililonse. UNIQUE imatenga timabokosi topanda kanthu ngati dzina lina lapadera, n'kulionetsa ngati 0, ndipo COUNTA imaliwerenga. Yankho limatuluka 5, laukhondo, lokhulupirika pamaso. Pa mayina anayi mungazindikire msanga, koma ndani angaone kuti 812 imayenera kukhala 811?

Mukalemba fomula yatsopanoyi n'kuona `#NAME?`, dziwani kuti Excel yanu ndi ya 2019, 2016 kapena yakale kuposa pamenepo, ndipo siidziwa UNIQUE ndi FILTER. Ngati mndandanda ndi wautali moti fomula yakale ija ikulemera, koperani mayinawo patsamba lina, pitani pa Data, dinani Remove Duplicates, kenako werengani zotsala ndi COUNTA, yomwe idzadumpha kabokosi kamodzi kopanda kanthu kamene kadzatsalire. Chitani zimenezi pa zokoperazo, osati pa mndandanda weniweni, chifukwa zofufutidwazo ndi malisiti anu.

Tsopano tifike pamene fomula, ngakhale yolondola, imathera mphamvu. Excel siidziwa anthu, imadziwa zilembo. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono sizivuta, poti COUNTIF ndi UNIQUE zimaona BANDA ndi Banda ngati dzina limodzi. Chovuta ndi chimene maso saona. Wogulitsa akalemba Banda n'kugunda batani la mpata asanachoke m'kabokosiko, dzinalo lasanduka lina. Pamndandanda wathu a Banda akhala atatu, wachinayiyo n'kukhala mlendo, yankho n'kukwera kufika pa 5. Chimodzimodzinso kabokosi kamene munthu anafufuta dzina pogunda batani la mpata m'malo mwa Delete: kamaoneka koyera, koma m'kati muli mpata, ndipo funso lija la `<>""` limakawerenga ngati kolembedwa.

Zimenezi zimakonzeka ndi TRIM. Pa C2 lembani `=TRIM(B2)`, ikokereni mpaka pansi, ndipo mafomula aja alozeni ku C m'malo mwa B. TRIM imachotsa mipata ya kumayambiriro ndi kumapeto, ndipo kabokosi ka mpata wokhawokha kamatsala kopanda chilembo. Chenjezo ndi lakuti COUNTA payokha imawerenga timabokosi totere ta C chifukwa muli fomula, pomwe `<>""` imatidumpha bwinobwino.

TRIM siingakonze Mwale amene tsiku lina analembedwa Mwali, kapena Mai Phiri amene mawa lake ndi Mayi Phiri. Njira yowagwirira ndi kuona mayinawo ndi maso, osangokhulupirira nambala. Pa Excel yatsopano, chotsani ROWS n'kuikapo SORT, mayina onse adzandandalikidwa motsata alifabeti ndipo ofananafanana adzakhala moyandikana. Pa yakale, sanjani zotsala za Remove Duplicates zija kuyambira A mpaka Z. Mayina 800 mungawadutse ndi kapu imodzi ya tiyi.

Vuto lina ndi lotembenuka. Kwathu kuno a Banda ndi a Phiri ndi ochuluka, ndipo alimi awiri osadziwana n'komwe akhoza kukhala ndi mayina onse awiri ofanana. Fomula idzawapatsa chigumu chimodzi. Ndiye kulemba mosiyanasiyana kumakweza chiwerengero, kufanana mayina kumachitsitsa, ndipo simungadziwe kuti chapambana ndi chiti. N'chifukwa chake ine ndimati ndi bwino kuwerenga manambala a foni kapena nambala imene sitolo yapatsa kasitomala aliyense. Nazonso zili ndi minga yake: Excel imadya 0 woyamba wa nambala ya foni ngati kabokosiko sikanatcheredwe kukhala Text, ndipo munthu mmodzi akalembedwa tsiku lina ndi 099 kutsogolo, tsiku lina ndi +265, wasanduka awiri. Sankhani kalembedwe kamodzi, aliyense wokhala pakauntala akatsate.

Chatsala ndi timabokosi titatu tija. Tatidumpha, koma katundu anatuluka ndipo ndalama zinalowa. Akhoza kukhala alendo atatu, kapena a Banda omwewo. Pamalo ena wolemba amasiya dala kabokosi kopanda kanthu potanthauza kuti ndi yemwe uja wa pamwambayu, monga zimakhalira m'kaundula wa pamanja, ndipo pamenepo kudumpha sikuchotsa munthu aliyense. Fomula siingasiyanitse zimenezi, wodziwa ndi amene ankalembayo, choncho mufunseni. Kenako werengani timabokosito ndi `=COUNTBLANK(C2:C13)`, ndipo popereka yankho kwa mwini sitolo mutchule manambala onse awiri: makasitomala odziwika ndi anayi, malisiti opanda dzina ndi atatu mwa 12.