Agogo asamayankhule ngati wowerenga nkhani pa wailesi

Alembi ambiri a nkhani zopeka amalemba bwino chiyambi, kufotokoza mudzi ndi nyengo, koma anthu a m'nkhanimo akangotsegula pakamwa, onse amamveka ngati munthu mmodzi. Vutoli limakula pa nthawi yokonzanso. Mlembi, kapena mkonzi amene wapatsidwa nkhaniyo, amafuna chiganizo chilichonse chikhale chokwanira ndi cholongosoka, ndipo posalaza chonchi amafufuta msinkhu, ulemu ndi khalidwe la woyankhulayo.

Tiyeni titenge chitsanzo. Yamikani, mnyamata wa Fomu 3, wagulitsa mbuzi ya pakhomo mwakabisira. Kulemba koyamba kunali kotere:

"Ndikufuna kudziwa chifukwa chimene wagulitsira mbuzi," anatero agogo.

"Ndagulitsa mbuzi chifukwa ndimafuna kulipira fizi," anatero Yamikani.

"Zimene wachitazi ndi zolakwika chifukwa sunapemphe chilolezo," anatero amayi ake.

Chichewa chake n'cholondola, koma phimbani mawu akuti "anatero" ndi chala, muwerenge mokweza. Simungadziwe wamkulu ndi uti, wamng'ono ndi uti. Amene amalemba masewero a pa wailesi, monga Kapalepale amene ankamveka pa MBC, amayesedwa motere nthawi zonse, chifukwa omvera saona nkhope ndipo palibe wowauza amene wayankhula.

Musanasinthe liwu lililonse, dzifunseni kuti akuyankhula ndani, kwa yani, ndipo akufuna chiyani pamenepo. Agogo yankho akulidziwa kale. Chimene akufuna n'chakuti mdzukulu aulule yekha. Choncho sangafunse molunjika:

"Yamikani, tasendera kuno. M'kholamo ndaonamo zitatu. Kapena maso angawa atha?"

Mnyamatayo ali ndi mantha, ndipo munthu wamantha samaliza ziganizo, satchulanso chinthu chimene walakwa:

"Ayi agogo... ndi fizi. Akanandibweza Lolemba."

Amayi ake ndi okwiya, komanso achita manyazi pamaso pa apongozi awo:

"Iwe! Bambo wa pakhomo pano wasanduka ndiwe?"

Uthenga sunasinthe: mbuzi yagulitsidwa, chifukwa chake ndi fizi, chilolezo panalibe. Chasintha ndi utali wa chiganizo, njira yofikira pa nkhani, ndi mmene aliyense akuitanira mnzake.

Chomalizachi ndiye chofunika kuchisamala koposa. M'Chichewa, kusiyana kwa "iwe" ndi "inu", "bwera" ndi "tabwerani", kumanyamula ubale wonse wa anthu awiri. Ngati mayi wakhala akuitana mwamuna wake kuti "bambo a Yamikani" kuyambira mutu woyamba, tsiku limene adzanene kuti "iwe" banja lagwedezeka, ndipo wowerenga amva zimenezo popanda kuuzidwa. Mkonzi amene angasinthe mawuwo kukhala "inu" pofuna kuti zifanane ndi masamba ena wachotsa pachimake pa nkhani. Amenenso angaike "iwe" mwangozi pa tsamba la mtendere wayambitsa ndewu imene mlembi sanaifune. N'chifukwa chake ndimalangiza kulemba pa pepala lapadera mmene munthu aliyense amaitanira anzake onse: agogo amati "Nabanda" kwa mpongozi wawo, Yamikani amati "amayi" pamaso pawo koma "masteni" akakhala ndi anzake. Pofupikitsa zokambirana, dulani zina zonse koma izi muzisiye.

Onaninso kuti munthu mmodzi ali ndi mayankhulidwe angapo. Yamikani yemweyo ku bwalo la mpira anena kuti, "Aise, mbuzi ija ndaigulitsa, masteni alusa koopsa." Akanena zomwezo kwa agogo, ndiye kuti mwalemba mwana wamwano, ndipo mwina si amene mumafuna. Mawu a achinyamata amathanso msanga, choncho amodzi kapena awiri pa tsamba akwana.

Agogo nawonso musawadzaze miyambi. Mwambi pa mzere uliwonse umawasandutsa buku la kusukulu. Ukulu wawo umveke m'kudekha ndi m'kuzungulira nkhani, mwambi ubwere kamodzi pamene mlandu wafika povuta.

Mwana wamng'ono ndiye amavuta ambiri. Mlongo wake wa Yamikani, wa zaka zisanu, sanganene "komabe", "motero" kapena "malinga ndi". Amanena zimene waona ndi maso, osadziwa kulemera kwake: "Agogo, mbuzi yapita ndi abambo ena a njinga. Imalira!" Palibe chifukwa chopotoza kalembedwe ka mawu ake kuti aoneke mwana. Kupotoza koteroko, makamaka potsanzira katchulidwe ka anthu a mtundu wina, kumatopetsa wowerenga ndipo kumasanduka chipongwe.

Pokonzanso, musatsate masamba mwandondomeko. Tengani munthu mmodzi, muwerenge mokweza mizere yake yokhayokha kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kenako mutenge wina. Mukapeza mzere umene mungauchotse kwa amayi n'kuupereka kwa agogo popanda kusintha liwu, mzere umenewo ulembedwenso.