Amisiri ophunzitsa foni kuwerenga katundu wa m'sitolo

Mwini golosale akafuna kudziwa sopo amene watsala pa shelefu, kale ankatsegula kope lachikuto cholimba n'kuyamba kuwonkhetsa ndi cholembera. Lero ena mwa iwo amaitana mnyamata kapena mtsikana wodziwa kulemba mapulogalamu a pa foni, kuti awapangire yoti wogulitsa azingoloza kamera pa timizere takuda ta pa paketi, katunduyo n'kudzichotsa yekha pa sitoko. Amisiri amenewa ena anaphunzira za makompyuta ku MUBAS, ku MUST kapena ku Mzuni, ena anadziphunzitsa okha pa intaneti. Malo awo a ntchito ndi laputopu, foni yoyesera ndi kauntala ya kasitomala.

Chodabwitsa n'chakuti gawo lomwe eni masitolo amachita nalo chidwi, loti foni iwerenge bakhodi, ndiye lophweka pa zonse. Wopanga pulogalamu salemba yekha njira yozindikirira timizereto. Amatenga zida zokonzakonza monga ML Kit ya Google kapena ZXing, zomwe zimalandira chithunzi cha kamera n'kubweza manambala, ndipo zimatha kugwira ntchito popanda intaneti. Luso lake limaoneka pa zomwe amachita ndi manambalawo.

Mu bakhodi mulibe dzina la katundu, mulibe mtengo. Mtundu wofala pa katundu wa m'golosale, wotchedwa EAN-13, ndi manambala 13 basi. Oyambirira amasonyeza nthambi ya bungwe la GS1 yomwe inapatsa kampani nambalayo: 600 ndi 601 ndi ya ku South Africa, 690 mpaka 699 ndi ya ku China. Womalizira ndi mlonda wa anzake onse. Titenge chitsanzo cha 6001234567899. Manambala a pamalo oyamba, achitatu, achisanu mpaka a nambala 11 akaphatikizidwa amakwana 26. Otsalawo, kupatula womalizira, amakwana 25, ndipo akachulukitsidwa katatu amapereka 75. Zonse pamodzi ndi 101, ndipo kuti tifike pa 110 pakufunika 9. Ngati wogulitsa walemba pamanja n'kuphonya nambala imodzi, masamuwa sagwirizana, ndipo pulogalamu yabwino imakana pomwepo m'malo molenga katundu yemwe kulibe.

Popeza bakhodi ilibe dzina kapena mtengo, sabata zoyamba za ntchitoyi zimathera pansi pa mashelefu. Wina ayenera kunyamula chinthu chilichonse, kuchiwerenga ndi kamera, kulemba dzina lake, kukula kwake, mtengo woodera ndi wogulitsira. Mmisiri wozemba gawoli amasiyira mwini sitolo pulogalamu yokongola koma yopanda kanthu.

Pamenepa ndi pomwe sitolo ya kwathu imayamba kuvuta. Shuga amaodedwa pa belo koma amagulitsidwa paketi imodziimodzi. Katoni nthawi zambiri imakhala ndi khodi yakeyake ya manambala 14, yosiyana ndi ya zinthu zili m'katimo. Pulogalamu ikapanda kuuzidwa kuti belo limodzi muli mapaketi 20, imalemba kuti kwalowa chinthu chimodzi, ndipo wogulitsa akangogulitsa mapaketi awiri sitoko imagwera pansi pa ziro. Nanga mafuta ophikira oyezera m'timabotolo, misomali ya pa sikelo, mazira, mpunga wa m'thumba? Zimenezi zilibe timizere. Mmisiri amazipatsa nambala zake, ndipo wodziwa ntchito amaziyamba ndi 20 mpaka 29, chifukwa GS1 inasiya manambala amenewa kuti azigwiritsidwa ntchito m'kati mwa sitolo, choncho sangawombane ndi a kampani iliyonse.

Ambiri amasankha khodi ya QR pa katundu wotereyu, n'kumata sitika pa chidebe kapena m'mphepete mwa shelefu. Chifukwa chake n'chomveka. Khodi ya timabokosi imeneyi inapangidwa mu 1994 ndi kampani ya Denso Wave ku Japan kuti izithandiza kulondola zipangizo za magalimoto m'fakitale, ndipo inakonzedwa kuti izipirira litsiro. Ikasindikizidwa pa mlingo wolimba kwambiri imawerengekabe ngakhale pafupifupi magawo 30 pa 100 atafufutika. M'sitolo ya zipangizo zomangira, momwe fumbi la simenti limakuta chilichonse, limenelo ndi dalitso.

Amene anapsapo pa ntchitoyi amadziwika ndi chinthu chimodzi: sasunga nambala imodzi yokha ya zotsala. Amalemba kulowa ndi kutuluka kulikonse pamzere wakewake, pamodzi ndi nthawi ndi dzina la amene wagwira foni, ndipo zotsala zimachokera pa kuwonkhetsa mizereyo. Tiyerekeze kuti Lolemba kwalowa mabelo awiri a shuga, ndiwo mapaketi 40. Pofika Lachisanu agulitsidwa 27, imodzi yaphulika. Pulogalamu ikuti atsala 12, koma pa shelefu pali 10. Pulogalamu yosunga nambala imodzi, wina amangofufuta 12 n'kulemba 10, nkhani yatha. Yolemba mizere imakakamiza kuti awiriwo alembedwe ngati osowa, ndipo mwini sitolo angabwerere tsiku ndi tsiku kufufuza ngati anaperekedwa pa ngongole, anaiwalika kuwerengedwa, kapena anatuluka pa khomo lakumbuyo. N'chifukwa chake ogulitsa ena saikonda poyamba, pomwe woona mtima imamuteteza ku milandu yongomuganizira.

Zolakwika zina zimachokera kwa mmisiri mwini. Kamera imajambula zithunzi zambiri pa sekondi imodzi, ndiye ikangoloza paketi imodzi kwa kanthawi, pulogalamu yosasamalidwa imaiwerenga kasanu. Chizindikiro chake ndi sitoko yomwe ikutha msanga pa foni pomwe shelefu ndi yodzaza. Mankhwala ake ndi kuiuza kuti ikawerenga khodi ilire kamodzi, isailandirenso mpaka patapita sekondi imodzi kapena ziwiri. Vuto lina ndi kusunga khodi ngati nambala ya masamu m'malo mwa malemba: ziro woyambirira amasowa, ndipo mu Excel nambala ya chitsanzo chathu chija imaoneka ngati 6.00123E+12. Fayilo ikasungidwa choncho ngati CSV, manambala enieniwo apita.

Foni nayo ili ndi malire. Zina zotsika mtengo kamera yake siitha kulunjika chinthu chapafupi, choncho timizere tating'ono timaoneka mbuu. Pepala lonyezimira, botolo lozungulira ndi mdima wa m'sitolo magetsi akazima zimawonjezera mavuto. Pulogalamu yoganiziridwa bwino imakhala ndi batani loyatsira tochi ndi malo olembapo nambala pamanja. Imasunganso zonse m'foni momwemo, kawirikawiri mu SQLite, n'kuzitumiza kwina netiweki ikapezeka, pakuti kasitomala sangadikire pa kauntala chifukwa bandulo yatha. Koma foni imabedwa, imagwera m'madzi. Mmisiri wosakonza njira yosungira zolembazo kumalo ena wasiya chuma cha munthu pa ulusi.

Pa malipiro, ena amalandira kamodzi, ena pamwezi. Njira yachiwiriyi ili ndi nzeru, chifukwa ntchito siithera pa tsiku lopereka pulogalamu: mitengo imasintha, makampani amasintha mapaketi, wogulitsa watsopano amafunika kuphunzitsidwa.

Inu eni masitolo, musanalipire, yesani pulogalamuyo pa foni yanu, osati ya mmisiri. Zimitsani intaneti, lowetsani belo limodzi, gulitsani paketi imodzi, muone ngati yalemba kuti atsala 19.